Meji soti: n'chifukwa chiyani nthawi yake siisinthasintha kwambiri, kaya mndandanda ndi wosanjidwa kale kaya wosokonekera?

MwanaWaBembeke

Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo masiku atatu. Ndimasunga kaundula wa alimi a kachewere m'gulu lathu kuno ku Bembeke, ndipo mayina akwana pafupifupi 4,000. Popeza ndikuphunzira Python, ndinalemba ndekha pulogalamu yosanja mayinawo motsatira alifabeti, ndipo ndinagwiritsa ntchito kwikisoti imene imatenga dzina loyamba la mndandanda kukhala pivoti, kutanthauza dzina logawira mndandandawo pawiri. Chaka chatha, pamene mayina anali osakanikirana monga mmene alimi analembetsera, pulogalamuyo inamaliza ndisanachotse n'komwe chala pa batani. Chaka chino ndinatenga mndandanda womwe uja, wosanjidwa kale, ndinangowonjezera mayina atsopano pafupifupi 100 kumunsi kwake, koma pulogalamu inafa ndi uthenga wakuti `RecursionError: maximum recursion depth exceeded`. Mnzanga wina wandiuza kuti ndilembe meji soti chifukwa akuti iyo siisamala za mmene mndandanda wabwerera. Funso langa n'lakuti: zitheka bwanji kuti mndandanda wosanjidwa kale ukhale wovuta kuposa wosokonekera, nanga meji soti ili ndi chiyani chimene chimaiteteza ku vuto limeneli, poti njira zonse ziwiri zimagawa mndandanda?

Golomoti92

Achimwene, vuto ndi laputopu yanuyo. Makina akale amatopa mayina akachuluka, ndiye muwonjezere memole kapena mubwereke kompyuta yamphamvu.

MwanaWaBembeke

Zikomo achimwene, koma laputopu ndi yomweyo imene inasanja mayina 3,900 chaka chatha popanda kudandaula. Sindikukhulupirira kuti mayina 100 okha ndiwo aithyola msana.

KachewereLizulu

Ine ndikuona kuti nkhani ndi ya kugawa basi. Njira iliyonse yogawa ndi kugonjetsa imathamanga chifukwa ukadula ntchito pakati, wachepetsa ntchitoyo ndi theka, ndipo ukadulanso wachepetsanso ndi theka. Meji soti ndi kwikisoti ndi ana a mayi mmodzi, choncho mwina pali pamene mwalakwitsa polemba, osati kuti njira ina iposa inzake.

MphunzitsiWakaleNU

Bambo a ku Lizulu, mwalasa pafupi koma simunalase penipeni. Kudula mndandanda pakati sikuchepetsa ntchito ndi theka, pakuti mbali zonse ziwiri ziyenera kusanjidwabe, ndipo pamapeto pake pali ntchito yoziphatikiza. Chimene chimapulumutsa nthawi n'chakuti kuphatikiza milu iwiri yosanjidwa kale n'kotchipa kwambiri. Aliyense amene anachongapo mayeso akudziwa zimenezi. Mukakhala ndi milu iwiri ya mapepala, uliwonse wosanjidwa kuyambira malikisi otsika kukwera m'mwamba, simufunika kufufuza m'kati mwa mulu. Mumangoyang'ana mapepala awiri a pamwamba, n'kutenga lotsikirapo, n'kuyang'ananso awiri amene ali pamwamba tsopano. Kuyerekeza kumodzi kulikonse kumakhazika pepala limodzi pamalo pake, ndipo mulu umodzi ukatha, otsala a mulu winawo mumangowanyamula onse osayerekezanso.

Tiyeni tiyese ndi matumba asanu ndi atatu a kachewere, kulemera kwake m'makilogalamu kuli motere: 52, 47, 61, 50, 47, 58, 44, 55. Meji soti imadula pakati osayang'ana n'komwe manambala, imangowerenga malo: anayi kumanzere, anayi kumanja, kenako awiriawiri, kenako limodzilimodzi. Thumba limodzi palokha ndi losanjidwa kale, ndiye kuphatikiza kumayambira pamenepo. Ulendo woyamba timapeza (47, 52), (50, 61), (47, 58) ndi (44, 55), ndipo tayerekeza kanayi. Ulendo wachiwiri tiphatikiza (47, 52) ndi (50, 61): 47 ndi 50 titenga 47, 52 ndi 50 titenga 50, 52 ndi 61 titenga 52, ndipo 61 ingotsatira yokha. Kumeneko ndi kuyerekeza katatu, ndipo mbali inayo idyanso katatu kuti ituluke (44, 47, 55, 58). Ulendo wachitatu tiphatikiza (47, 50, 52, 61) ndi (44, 47, 55, 58), ndipo apa milu ikupikisana mpaka kumapeto, moti tiyerekeza kasanu ndi kawiri 61 isanatsale yokha. Zonse pamodzi ndi 4 + 6 + 7, ndiye kuti 17.

Manambala amenewa ndawasankha dala kuti akhale ovuta kotheratu, ndipo palibe kasakanizidwe ka matumba asanu ndi atatu kamene kangadye kuposa 17. Tsopano yesani nokha ndi matumba osanjidwa kale. Pa kuphatikiza kulikonse mulu wa kumanzere umatha msanga, wa kumanja n'kunyamulidwa wonse, ndipo mupeza 4 + 4 + 4, ndiye kuti 12. Choncho tsiku labwino ndi 12, tsiku loipitsitsa ndi 17, ndipo maulendo ndi atatu nthawi zonse.

NaJere_Tsangano

Aphunzitsi, chitsanzocho chamveka, koma matumba asanu ndi atatu ngakhale mwana wa sitandade 4 angasanje ndi maso. Tiwonetseni pa mayina 4,000 a mchimwene wathuyu, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

MphunzitsiWakaleNU

Mwanena zoona mayi. Ndiloleni nditenge 4,096 m'malo mwa 4,000 kuti masamu aziyenda bwino, chifukwa nambala imeneyi imagawika pakati mpaka kufika pa 1 popanda chotsala: 2,048, kenako 1,024, 512, 256, mpaka pansi, ndipo mukawerenga mupeza kuti mwadula maulendo 12. Nambala ya maulendoyi ndi imene a masamu amailemba kuti log₂ n, pamene n ndi kuchuluka kwa mayina. Tsopano pali mfundo ziwiri zimene ziyenera kugwiridwa pamodzi. Yoyamba n'njakuti maulendo 12 amenewa amadalira kuchuluka kwa mayina kokha, chifukwa kudula kumatsata malo, osati dzina limene lili pamalopo. Yachiwiri n'njakuti pa ulendo uliwonse, kaya milu ndi ing'onoing'ono yambirimbiri kaya ndi iwiri ikuluikulu, mayina onse 4,096 amadutsa m'manja kamodzi kokha, ndipo kuyerekeza sikungapose nambala ya mayinawo. Mukachulukitsa 4,096 ndi 12 mupeza 49,152, ndipo limenelo ndi denga. Mukawerenga mosamala, kuchotsera mayina otsiriza amene sayerekezedwa, zoipitsitsa ndi 45,057 ndipo zabwino kwambiri ndi 24,576. Kusiyana kwa tsiku labwino ndi tsiku loipa sikufika ngakhale kawiri.

Kwikisoti ya achimwene a ku Bembeke imadula mosiyana. Imatenga dzina loyamba n'kunena kuti onse otsogola dzinali apite kumanzere, onse otsatira apite kumanja. Pamene pagwera mpeni pamadalira dzina limene latengedwa. Mayina akakhala osakanikirana, dzina loyamba limagwera penapake m'katikati ndipo zinthu zimayenda bwino. Koma mndandanda ukakhala wosanjidwa kale, dzina loyamba ndi limene limatsogola onse, ndiye kumanzere kulibe kanthu, kumanja kwatsala 4,095. Ulendo wotsatira zichitikanso chimodzimodzi, kutsala 4,094. Kumeneko si kugawa, ndi kusenda chimanga njere imodziimodzi. Maulendo sakhala 12 koma pafupifupi 4,096, ndipo kuyerekeza kumakwana n(n − 1)/2, komwe ndi 8,386,560. Python mwachizolowezi imalola fankishoni kudziitana yokha mozama pafupifupi ka 1,000, ndiye pulogalamu yanu inagunda malire amenewo isanafike ngakhale pakati pa ntchito. Mayina 100 atsopano aja alibe mlandu, wolakwa ndi dongosolo labwino la mayina akale.

KachewereLizulu

Pamenepo ndavomera kuti ndinaphonya pa nkhani ya theka. Komabe sindikufuna kuti anthu achoke pano akuganiza kuti kwikisoti ndi yachabe. Munthu akasankha pivoti mwachisawawa, osati dzina loyamba nthawi zonse, vuto la mndandanda wosanjidwa kale limachoka, ndipo kwikisoti yolembedwa bwino kawirikawiri imathamanga kuposa meji soti chifukwa imasinthanitsa zinthu pamalo pomwepo osakopera kwina.

MphunzitsiWakaleNU

Apa ndiye simunalakwe ngakhale pang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti pivoti yachisawawa imachititsa kuti tsoka likhale losowa kwambiri, pamene meji soti imachititsa kuti tsokalo lisakhalepo n'komwe. Pa kaundula wa alimi zonse ziwiri zingagwire ntchito.

Golomoti92

Nanga bwanji osangokweza malire a 1,000 aja? Ndamva kuti pali lamulo la `sys.setrecursionlimit` limene limachita zimenezo.

ChiwawoDZ

Lamulolo lilipodi, koma likungotseka pakamwa mwana amene akulira chifukwa cha njala. Uthenga wa vuto uchoka, koma kuyerekeza kopitirira 8 miliyoni kuja kudzachitikabe, ndipo mndandanda ukakula kawiri ntchitoyo idzakula kanayi. Taganizirani mayina 1,048,576. Meji soti idula maulendo 20 okha, ndipo kuyerekeza sikufika 21 miliyoni, pamene njira yosenda imodziimodzi ifuna pafupifupi 550 biliyoni. Tingoyerekeza kuti kompyuta ikuyerekeza ka 10 miliyoni pa sekondi: yoyambayo imaliza m'masekondi awiri, inayo idya maola opitirira 15, ndipo kuno kwathu ndi angati amene angalonjeze kuti magetsi akhala maola 15 osathima?

Achimwene a ku Bembeke, nayi meji soti yaifupi kuti muyesere:

```python
def merge(a, b):
    zotsatira, i, j = [], 0, 0
    while i < len(a) and j < len(b):
        if a[i] <= b[j]:
            zotsatira.append(a[i]); i += 1
        else:
            zotsatira.append(b[j]); j += 1
    return zotsatira + a[i:] + b[j:]

def merge_sort(m):
    if len(m) <= 1:
        return m
    pakati = len(m) // 2
    return merge(merge_sort(m[:pakati]), merge_sort(m[pakati:]))
```

Mzere wotsiriza wa `merge` ndi uja aphunzitsi anena wonyamula otsala onse. Anthu ambiri amauiwala, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mndandanda umatuluka wosanjidwa bwinobwino koma wafupika. Nthawi zonse muziyerekeza `len` ya zolowa ndi ya zotuluka.

NaJere_Tsangano

Poti mwaika kodi, ndiloleni ndifotokoze zimene zinandichitikira, chifukwa zikukhudza kachizindikiro ka `<=` kamene kali pa mzere wachinayi. Ine ndimalemba za ngongole za amayi a banki m'khonde m'midzi ingapo kuno ku Tsangano. Ndinkafuna kuti mndandanda utuluke mudzi ndi mudzi, ndipo m'kati mwa mudzi uliwonse mayina atsatane motsatira alifabeti. Ndinasanja kaye ndi mayina, kenako ndinasanjanso ndi midzi. Midzi inatuluka bwino, koma m'mudzi uliwonse mayina anali chafutambuyo, a Zulu pamwamba, a Banda pansi. Ndinatha madzulo onse ndikukayikira kusanja koyamba, osadziwa kuti ndinalemba `<` m'malo mwa `<=`. Amayi awiri akakhala a mudzi umodzi, kuyerekeza kumati ndi ofanana, ndipo `<` imatenga wa mulu wa kumanja poyamba, amene anali kumbuyo pa mndandanda woyamba. Zikachitika choncho pa ulendo uliwonse, ofanana onse amatembenuzika kotheratu. Ndi `<=` wa kumanzere ndiye amatsogola, ndipo dongosolo lakale limasungika. M'chitsanzo cha aphunzitsi muli matumba awiri a makilogalamu 47, ndipo limene linali lachiwiri pa mzere liyenera kutuluka patsogolo pa limene linali lachisanu.

MphunzitsiWakaleNU

Ndinaika 47 kawiri ndi cholinga chimenecho, mayi, koma mwafotokoza bwino kuposa mmene ine ndikanachitira. Kwikisoti yosinthanitsa pamalo pomwepo siilonjeza kusunga dongosolo la ofanana, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene anthu osunga makaundula amakondera meji soti.

MwanaWaBembeke

Ndabweranso akuluakulu. Ndisanaone kodi ya achimwene a ChiwawoDZ ndinali nditalemba kale yangayanga, ndipo pa mayina 4,000 yagwira bwino, kaya osanjidwa kaya osokonekera. Pofuna kutsimikiza, ndinapanga manambala achisawawa 100,000, kenako 200,000, kenako 400,000, ndipo apa ndadabwa, chifukwa pamene ndikuwirikiza mndandanda nthawi ikukwera mopitirira katatu, osati kawiri monga ndimayembekezera. Kodi masamu a aphunzitsi aja amagwira pa manambala ang'onoang'ono okha?

ChiwawoDZ

Mukutenga bwanji nambala ya pamwamba pa mulu?

MwanaWaBembeke

Ndikulemba `a.pop(0)` kapena `b.pop(0)`, poti aphunzitsi anati timachotsa pepala la pamwamba.

ChiwawoDZ

Mbava ndi imeneyo. Pa tebulo, kuchotsa pepala la pamwamba sikukhudza mapepala a pansi, koma mndandanda wa Python uli ngati anthu okhala pa benchi yaitali ya m'tchalitchi: wa kumapeto akanyamuka, `pop(0)` imauza onse otsala kuti asunthe malo amodzi. Mulu wa manambala 200,000 ukamachotsedwa limodzilimodzi chotero, kusunthako kumakwana pafupifupi 20 biliyoni, ngakhale kuyerekeza kukadali kochepa monga aphunzitsi anawerengera. Pa mayina 4,000 simungazione chifukwa kusunthako kompyuta imachita mwaliwiro kwambiri, koma kumakula kanayi mndandanda ukawirikiza, ndiye pamapeto pake kumameza zina zonse. Mu kodi yanga palibe chochotsedwa, `i` ndi `j` ndi zala ziwiri zimene zikungoloza pamene tafika.

Mayeso amene mwachitawo ndi abwino ndipo musawasiye. Meji soti yolondola, mukachoka pa 4,096 kupita pa 8,192, mayina awirikiza ndipo maulendo achoka pa 12 kufika pa 13, ndiye nthawi iyenera kukwera kawiri ndi pang'ono pamwamba pake. Mukaona ikuyandikira kanayi, dziwani kuti penapake pabisala ntchito yoyenda mndandanda wonse pa dzina lililonse.

KachewereLizulu

Palibe amene watchula mtengo wake. Kodi ya achimwene a ChiwawoDZ ikupanga mindandanda yatsopano pa kudula kulikonse ndi pa kuphatikiza kulikonse. Kodi si ndiye kuti ikudya memole yochuluka ka 12 kuposa mndandanda weniweni?

MphunzitsiWakaleNU

Mtengo ulipodi, koma si ka 12. Tizigawo timeneti sitikhalapo tonse nthawi imodzi, chifukwa mbali ya kumanzere imasanjidwa n'kutha, tizidutswa take n'kutayidwa, mbali ya kumanja isanayambe. Malo owonjezera amene amafunika amakula molingana ndi mndandanda wokha, ndipo wolemba mosamala amakonza malo amodzi apadera n'kumawagwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Komabe mfundo yanu ikuimabe: simungaphatikize milu iwiri mosavuta popanda malo oikapo mulu wachitatu.

Chodabwitsa n'chakuti njira yomweyi ndi imene imapulumutsa pamene memole yachepa kotheratu. Popeza kuphatikiza kumangofuna kuona pamwamba pa mulu uliwonse, milu ija ingakhale m'mafayilo pa disiki. Mumawerenga chigawo chimene chikukwana m'memole, kuchisanja, kuchilemba ku fayilo yakeyake, kenako n'kuphatikiza mafayilowo mukuwerenga kuyambira kumayambiriro kupita kutsogolo basi. John von Neumann analemba njirayi mu 1945, ndipo m'zaka zimene makompyuta ankasunga zinthu pa matepi, amene ankawerengeka motsatana, kuphatikiza kotereku ndiko kunali kasanjidwe ka mafayilo akuluakulu.

Golomoti92

Ndiye kuti pa memole paja sindinaphonye kwenikweni.

NaJere_Tsangano

Munaphonyabe achimwene, koma tikukhululukirani. Ine funso langa n'lina. Mndandanda wa mchimwene wa ku Bembeke ndi wosanjidwa kale kupatula mayina 100. Kodi si kuwononga kudula mpaka pa dzina limodzilimodzi zinthu zimene zili kale m'malo mwake? Ndikanakhala ine ndikanasanja 100 atsopanowo paokha, n'kuwaphatikiza kamodzi kokha ndi 3,900 akale, ndipo kuphatikizako sikukanafika pa kuyerekeza ka 4,000.

ChiwawoDZ

Mayi, mwatulukira nokha chimene `sorted()` ya Python imachita. Njira yake, imene Tim Peters analemba mu 2002 ndipo imatchedwa Timsort, imayamba yafufuza zigawo zimene zili kale mu dongosolo, kenako n'kumaziphatikiza, ndipo imasunganso dongosolo la ofanana. Pa mndandanda wosanjidwa kale imangodutsa kamodzi, pa wosokonekera imakhalabe m'malire a n log n. N'chifukwa chake ine ndikuti pa ntchito yeniyeni ya gulu la alimi agwiritse ntchito `sorted()`, yolemba yekhayo ikhale yophunzirira.

MphunzitsiWakaleNU

Sindikutsutsa kuti kaundula weniweni asanjidwe ndi `sorted()`. Koma amene akufuna kuti yakeyo izindikireko mndandanda wosanjidwa angathe kuwonjezera mzere umodzi pamwamba pa `merge`: ngati `a[-1] <= b[0]`, abweze `a + b` osalowa m'kuyerekeza kwina. Pa mayina 4,096 osanjidwa kale, kuyerekeza kumatsika kuchoka pa 24,576 kufika pa 4,095.

KachewereLizulu

Koma pa mndandanda wosokonekera mzere umenewo ndi msonkho wopanda phindu, chifukwa mukuwonjezera kuyerekeza kumodzi pa kuphatikiza kulikonse, ndipo pa milu ikuluikulu sikudzakupulumutsani ngakhale kamodzi. Ndiponso `a + b` ikukoperabe mayina onse pa ulendo uliwonse, ndiye maulendo 12 aja akadalipo. Ndikukayika ngati wotchi ingaonetse kusiyana kumene manambala anuwo akulonjeza.

MphunzitsiWakaleNU

Zitengera kuti chodula ndi chiti, kuyerekeza kapena kukopera. Kukopera mndandanda wonse nthawi imodzi mu Python n'kofulumira kwambiri kuposa kuyenda dzina limodzilimodzi m'kati mwa `while`, ndiye ine ndikuyembekezera kuti pa wosanjidwa kale kusiyana kuoneka. Pa wosokonekera ndikuvomera kuti ndi msonkho, ngakhale ndi wochepa. Asatikhulupirire tonse awiri, ayeze.

MwanaWaBembeke

Ndachotsa `pop(0)` n'kuika `i` ndi `j`, ndipo tsopano ndikawirikiza mndandanda nthawi ikukwera kawiri ndi pang'ono, monga mwanenera. Kaundula wa alimi ndamusanja ndi `sorted()` chifukwa akufunika pa msonkhano wa Lachisanu. Za mzere wa `a[-1] <= b[0]` ndiyeza usiku uno pa mindandanda itatu, wosanjidwa, wosokonekera, ndi wanga uja wa mayina 100 kumunsi. Pa wachitatuwu ndikuganiza kuti theka lonse la kumanzere lidutsa mwaulere, koma kuphatikiza kotsiriza sikungapewedwe, chifukwa pakati pa atsopanowo pali a Banda awiri amene ayenera kukwera kuchoka pansi penipeni mpaka kufupi ndi pamwamba.